Ndimalipira Spotify mwezi ndi mwezi, bwanji mlongo wanga sakulandira kanthu?

*Ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Sandton koma ndimakhala ku Turffontein. Mlongo wanga wamng'ono ali ku Chilobwe, amaimba nyimbo zauzimu, ndipo chaka chatha anatulutsa chimbale cha nyimbo khumi. Ndimalipira Spotify mwezi uliwonse chifukwa cha iyeyo, ndipo usiku ndimasiya chimbalecho chikulira mpaka m'mawa foni ili patchaja. Iye akuti sanaonepo ngakhale tambala imodzi. Ndalama yangayo ikupita kuti? Ndipitirize, kapena ndizingomutumizira?*

Achemwali, ndiyambe ndi chowawacho. Ndalama imene mumalipira siyenda kuchoka pafoni panu kupita kwa munthu amene mukumumvera. Imagwera mu mphika umodzi pamodzi ndi ya wina aliyense amene amalipira kuno ku South Africa, ndipo mwezi ukatha mphikawo umagawidwa potengera kuti woimba aliyense wamveredwa kangati poyerekeza ndi anzake onse. Ngati pa nyimbo zana zilizonse zomwe zamveredwa m'dziko muno ziwiri zili za woimba wina wa amapiyano, iyeyo amatenga magawo awiri pa zana a mphika wonse, kuphatikizapo magawo awiri pa zana a ndalama yanu, ngakhale inu simunayambe mwamvapo dzina lake. Zili ngati chopereka cha kutchalitchi: mukaponya m'mbale, yasiya kukhala yanu, akuluakulu ndiwo amaona kogawira.

Ndakhala ndikuthandiza oimba ang'onoang'ono kuno ku Joni kulembetsa nyimbo zawo ndi kuwerenga malipoti a ndalama, ndipo funso limene ndimafunsidwa koposa ndi lakuti sitirimu imodzi, kutanthauza nyimbo kumveredwa kamodzi pa Spotify, ndi ndalama zingati. Palibe mtengo woikika. Spotify yokha imanena kuti silipira mtengo wokhazikika pa sitirimu. Chimene imanena n'chakuti pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ndalama zomwe imapeza pa nyimbo amapita kwa eni nyimbozo. Mitengo imene mumaiona pa intaneti ndi yomwe anthu amapeza pogawa ndalama zimene alandira ndi masitirimu awo, ndipo imasintha mwezi ndi mwezi, dziko ndi dziko.

Tiyeni titsatire ndalama yanu phazi ndi phazi. Tiyerekeze kuti mumalipira R70, kuti masamu asativute. Mkati mwake muli msonkho wa VAT wa 15 peresenti, womwe ukachoka patsala pafupifupi R61. Magawo awiri mwa atatu a R61 ndi pafupifupi R40, ndipo iyi ndi yomwe imalowa mu mphika. Koma nyimbo iliyonse ili ndi umwini wa mitundu iwiri. Pali mwini wa mawu ndi maimbidwe, yemwe ndi wopeka, ndipo pali mwini wa chojambulidwacho, chimene chinatuluka mu situdiyo. Gawo lalikulu limapita ku chojambulidwa, laling'ono kwa opeka. Mwa R40 ija, tinene kuti R31 ndi ya zojambulidwa, R9 ya opeka.

Tsopano tiyerekezenso, ndipo ichi ndi chiwerengero chongochitira chitsanzo, kuti munthu wolipira amamvera nyimbo 800 pamwezi tikaphatikiza omvera kwambiri ndi omvera pang'ono. R31 kuigawa pa 800 ikutipatsa pafupifupi masenti anayi pa sitirimu. Masitirimu 1,000 ndi R40. Ndalama yake siyokwanira n'komwe kukwera takisi ulendo wochoka ku Turffontein kupita ku Sandton n'kubwerako.

Onani chimene chikutuluka apa. Mayi amene amamvera nyimbo 100 zokha pamwezi, zonse za mwana wake, waika R31 mu mphika koma mwanayo apeza R4. R27 yotsalayo yapita kwa oimba amene amamveredwa ndi achinyamata okhala ndi mahedifoni m'makutu tsiku lonse. Womvera pang'ono amalipirira womvera kwambiri. Ine izi sindigwirizana nazo, koma ndi mmene mphika umagawidwira ku Spotify, ndipo Apple Music ndi ena ambiri amatsata njira yomweyi.

Inu ndiye mwachita zosiyana ndi mayi uja, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yanu. Usiku wa maola asanu ndi atatu, nyimbo za mphindi zinayi, ndi masitirimu 120. Pamwezi ndi 3,600. Pa masenti anayi ija ikanakhala R144, kuchokera kwa munthu amene waika R31 mu mphika. Mukuona nokha kuti zikanaloledwa, aliyense akanagula mafoni makumi awiri, n'kuwaika pa shelefu, n'kumakolola ndalama za ena. Alipodi amene amachita zimenezi ngati bizinesi, ndipo n'chifukwa chake makampaniwa ali ndi makina ounika kamvedwe kachilendo. Akaunti imodzi, woimba mmodzi, maola omwewo usiku uliwonse, osadumpha nyimbo, osaimitsa: munthu wamoyo samvera chotero. Makinawo sadziwa kuti kuseri kwa foniyo kuli mlongo wachikondi. Masitirimu amene aonedwa kuti ndi ochita kupanga salipiridwa, ndipo amatha kufufutidwa pa chiwerengero cha nyimboyo.

Choopsa chake sichithera pamenepo. Kuyambira mu 2024 Spotify imalipiritsa chindapusa kampani imene inakweza nyimbo ngati pa nyimboyo papezeka chinyengo choonekeratu, ndipo kampaniyo imatha kumusenzetsa woimba chindapusacho, kumuchotsera nyimbo, kapena kumutsekera akaunti. Foni yanu imodzi sindikuganiza kuti ingafikitse zinthu pamenepo. Koma ndinaonapo kagulu kena ka kwaya kuno ku Jubeki kamene kanapereka ndalama kwa munthu wowalonjeza masitirimu zikwi khumi m'sabata imodzi. Anabweradi, ochokera ku mizinda imene palibe wa m'kwayamo anali ataimvapo. Patapita miyezi iwiri nyimbo inachotsedwa, ndalama imene anaipeza mwachilungamo inagwidwa limodzi ndi yabodzayo, munthu uja foni yake n'kusiya kulira. Wina akauza mlongo wanu kuti angamugulire omvera, athawe.

Palinso lamulo lina la chaka chomwecho, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi limene lamugwira iyeyo kwenikweni. Kuyambira mu Epulo 2024, nyimbo imayenera kukwanitsa masitirimu 1,000 m'miyezi khumi ndi iwiri yapitayo kuti iyambe kulandira ndalama ya chojambulidwa ku Spotify. Mvetsani bwino, ndi nyimbo iliyonse payokha, osati chimbale, osati woimba. Pamwamba pake pamafunikanso kuti omverawo akhale anthu osiyanasiyana okwana chiwerengero china, chimene kampaniyo sinachiulule n'cholinga choti anthu asachizembe. Ndiye kuti ngakhale masitirimu anu onse ausiku akanawerengedwa, munthu mmodzi sangaikankhe yekha nyimbo kuti idutse mzerewo.

Tichotse foni yanu, tione omvera ena onse. Tinene kuti chimbale cha mlongo wanu chamveredwa maulendo 4,000 pachaka. Kwa woimba wa ku Chilobwe amene akungoyamba kumene, chimenecho si chiwerengero chochititsa manyazi. Koma ngati 4,000 imeneyo yamwazikana pa nyimbo khumi, iliyonse ili ndi 400, ndipo palibe imodzi imene yafika. Malipiro ake ndi ziro. Masitirimu omwewo akanaunjikana pa nyimbo ziwiri, 2,000 iliyonse, zonse ziwiri zikanadutsa. Komabe sizikanalipiridwa kuchokera pa tsiku loyamba, chifukwa malipiro amayambira mwezi umene nyimbo yakwanitsa, miyezi ya m'mbuyo sabweza. Choncho pa R160 imene masamu athu akanatipatsa, iye akanaona mwina theka lake. Ndalama imene nyimbo zosafikazo zikanalandira imatsala mu mphika n'kugawidwa kwa amene afika. Spotify imati timakobiri totere sitinkafika n'komwe kwa oimba chifukwa tinkathera kwa makampani okweza nyimbo. Pali choona pamenepo, koma kwa munthu amene ali ndi nyimbo makumi atatu, iliyonse ndi omvera ake ochepa okhulupirika, timakobirito tikanaphatikizana n'kukhala thumba la ufa.

Ndatchula kampani yokweza nyimbo. Woimba payekha sangaike nyimbo pa Spotify, amadzera kwa distiribyuta, monga DistroKid, TuneCore kapena CD Baby, ndipo ndalama imabwereranso njira yomweyo. DistroKid imalipiritsa pachaka, madola opitirira 20, kutanthauza ma randi mazana angapo. CD Baby imalipiritsa kamodzi pokweza kenako imadula 9 peresenti pa zomwe zabwera. Mukayerekeza ndi R40 pa masitirimu 1,000 mudzaona kuti woimba wolipira pachaka amafunika masitirimu pafupifupi zikwi khumi kuti angobweza ndalama yokwezera yokha. Situdiyo sitinaiwerenge.

Funso limene ndikufuna mukamufunse mlongo wanu ndi ili: anakweza chimbalecho ndani? Kwathu kawirikawiri ndi pulodyusa, kapena mnyamata wina wodziwa za makompyuta, amene amati bweretsa ndikuikire, n'kuika pa akaunti yake pamodzi ndi nyimbo za oimba ena makumi awiri. Ngati zili choncho, ndalama iliyonse imene yabwera, kaya kuchokera ku Spotify, ku Apple Music kapena ku Boomplay, ili kwa mwini akauntiyo. Mwina sakuba ayi, mwina ndi yochepa moti sinafike pamlingo woti n'kuitapa, koma mlongo wanu alibe njira yodziwira. Dziwaninso kuti ndalama zimachedwa, zomveredwa mu Januwale zimaoneka pa lipoti cha mu Malichi kapena Epulo.

Nanga R9 ya opeka ija? Imeneyo ili ndi msewu wake, ndipo lamulo la 1,000 lija siliikhudza. Kuno imadzera ku mabungwe awiri, SAMRO imene ili ku Braamfontein, ndi CAPASSO. Kwathu bungwe loona za umwini wa nyimbo ndi COSOMA. Mabungwe oterewa amatumizirana ndalama za mamembala awo kudutsa malire, koma amatero pokhapokha ngati nyimbo inalembetsedwa, dzina lake ndi la wopeka zili m'kaundula. Distiribyuta satolera ndalama imeneyi, pokhapokha woimba atalipirira ntchitoyo mwapadera. Ngati mlongo wanu anapeka yekha nyimbo zake ndipo sanapiteko ku COSOMA, apiteko ndi mndandanda wa nyimbo zonse khumi. Kuchokera pa intaneti kudzabwera kochepa, kumene kulembetsa kumathandiza zenizeni ndi pamene nyimbo yayamba kuseweredwa pa wailesi.

Tsopano za kamvedwe kanu, chifukwa sindikunena kuti kulibe ntchito.

Chinthu choyamba, inu muli pamalo abwino. Mphika si umodzi padziko lonse, dziko lililonse lili ndi wake, ndipo wa olipira ndi wosiyana ndi wa omvera mwaulere, amene ndalama yawo imachokera ku malonda otsatsa. Spotify inafika ku South Africa mu 2018, ku Malawi mu 2021. Kumene anthu amalipira zambiri pamwezi ndi kumene sitirimu imalemera. Wolipira wa ku London amaposa wolipira wa ku Joni, ndipo wolipira wa ku Joni amaposa kutali womvera mwaulere wa ku Limbe. Choncho kwa woimba wachimalawi, ife amene tili kunja kuno ndife msika wonenepa. Msuweni wanu amene ali ku Ireland akamvera nyimbo kamodzi, zimaposa maulendo angapo a mnzake wa ku Ndirande. Koma powerengera 1,000 ija onse ndi ofanana, sitirimu ndi sitirimu, kaya yaulere kaya yolipira, kaya ichokere kuti.

Chachiwiri, sitirimu imawerengedwa nyimbo ikalira masekondi 30. Wodumpha pa sekondi ya 20 sanapereke kanthu. Nyimbo zathu zauzimu zambiri zimayamba ndi kiyibodi wautali kapena mawu olalikira, ndipo mlendo amene waipeza mwangozi sadikira. Komanso nyimbo ya mphindi zisanu ndi zitatu ndi sitirimu imodzi, chimodzimodzi ndi ya mphindi ziwiri. Sindikuti adule matamando chifukwa cha masenti anayi, koma posankha nyimbo yoti ikhale patsogolo, asankhe imene imagwira mtima msanga.

Apa ndiye pali ntchito imene inu mungaigwire kuposa wina aliyense. Sankhani nyimbo imodzi, mwina ziwiri, imene anthu amaikonda kale. M'malo mwa foni imodzi kulira maulendo 3,600, pezani anthu makumi asanu, a kutchalitchi kwanu, a m'chipeleganyu chanu, anzanu a m'takisi, amene angaimvere kawiri pasabata chifukwa akuikondadi. Anthu 50, kawiri pasabata, ndi masitirimu 100 pasabata, ndipo pa masabata khumi mwafika pa 1,000, ndi omvera enieni osiyanasiyana amene palibe makina angawakayikire. Aisunge pa nyimbo zawo zokonda, amutsatire woimbayo, aiphatikize mu pulelisiti yawo ya Lamlungu m'mawa pakati pa oimba ena auzimu. Zimenezi sizilipiridwa mwa izo zokha, koma ndi zimene zimauza Spotify kuti nyimboyi ndi ya mtundu wanji ndipo ingakondedwe ndi yani, kuti iyambe kuisonyeza kwa anthu osakudziwani. Kuliza kwa usiku kuja sikuiphunzitsa chilichonse.

Ndikudziwa kuti vuto ndi data. Kwa inu wolipira pali njira: tsitsani nyimbozo mkati mwa Spotify momwemo pamene muli pa Wi-Fi ya kuntchito, muzimvera popanda intaneti. Foni imasunga chiwerengero n'kuchitumiza ikalumikizidwanso, ndipo zimawerengedwa. Chimene sichiwerengedwa ndi mp3 yoyenda pa WhatsApp kapena yoikidwa pa memori khadi. Sindiinyoza, nyimbo zambiri zakwathu zinatchuka mwa njira imeneyo, ndipo kutchuka ndiko kumadzaza holo. Koma mukamatumiza m'magulu, tumizani linki, osati nyimbo yeniyeniyo, kuti amene angathe amvere pamene pamawerengedwa.

Musaiwale YouTube, kumene Amalawi ambiri amamvera nyimbo. Kumenekonso kuli khomo lake: kuti tchanelo iyambe kugawana nawo ndalama za malonda otsatsa pamafunika oitsatira 1,000 ndi maola 4,000 oonera m'chaka, ndipo ikalowa mwini wake amatenga 55 peresenti ya ndalama za malonda a pa mavidiyo ake. Ngati mlongo wanu ali ndi vidiyo, anthu makumi asanu aja akhoza kumuthandiza mbali ziwiri.

Mwina mukudzifunsa ngati palibe kumene ndalama ya womvera imapita kwa amene wamumvera. Kulipo. SoundCloud inayamba njira yotero mu 2021 kwa oimba odziimira okha amene amalandira ndalama kudzera mwa iyo. Mwa masamu athu aja, R31 yanu yonse ikanapita ku Chilobwe. Koma musaike chiyembekezo chachikulu pamenepo. Bungwe la boma la France loona za nyimbo litafufuza njira imeneyi mu 2021 linapeza kuti oimba otchuka kwambiri akanatsikadi, koma ang'onoang'ono ambiri akanangoonjezera ndalama zochepa kwambiri pachaka. Chifukwa chake n'chosavuta: R31 ndi R31 basi, ndipo woimba wa omvera zana sangakhalire moyo pa iyo ngakhale itagawidwa mwachilungamo chotani.

Ndiye ndikuyankheni mosapsatira. Ngati mumalipira Spotify chifukwa inuyo mumakonda kumvera nyimbo popanda zosokoneza, pitirizani, ndi ndalama yanu ndipo mwaigwirira ntchito. Koma ngati mumalipira kuti mumuthandize mlongo wanu basi, R70 pamwezi ndi R840 pachaka, ndipo kuti iye apeze ndalama imeneyo pa masenti anayi angafunike masitirimu 21,000, kuposa kasanu masitirimu 4,000 amene tamuyerekezera. Mumutumizire. Ngakhale otumiza ndalama atadulapo yawo, chimene chidzafike m'manja mwake n'chochuluka kuposa chimene chikanadzera mu mphika. Inu mubwerere ku akaunti yaulere, kumvera kwanu kudzawerengedwabe pa 1,000 ija. Ndipo R840 imeneyo ikhoza kulipira distiribyuta wa chaka chonse pa akaunti ya dzina lake iye mwini, n'kutsalako ya data.

Za kusamutsa nyimbo kuchoka pa akaunti ya pulodyusa, asachite mwaphuma. Nyimbo iliyonse ili ndi nambala yake yotchedwa ISRC, ya zilembo ndi manambala khumi ndi ziwiri. Akaikweza kwa distiribyuta watsopano ndi nambala yomweyo, chojambulidwa chomwecho, dzina lomwelo, masitirimu akale amatsatira. Akaikweza ngati yatsopano amayambira pa ziro. Dongosolo lake n'lakuti ayambe watenga manambalawo kwa pulodyusa, akweze kwatsopanoko, adikire mpaka aone kuti nyimbo zaphatikizana pa Spotify, kenako pulodyusa achotse zake zakale. Izi zimafuna kuti agwirizane kaye kuti mwini chojambulidwacho ndani, ndipo ngati pulodyusa sanalipidwe yonse ya situdiyo, nkhani iyambire pamenepo.

Lero lomwe muuzeni atsegule Spotify for Artists, n'yaulere, ndipo woimba amatha kupempha kuti tsamba la dzina lake likhale m'manja mwake. Akalowa aone zinthu ziwiri pa nyimbo iliyonse m'miyezi khumi ndi iwiri yapitayi: pamene palembedwa Streams ndi pamene palembedwa Listeners. Ngati masitirimu ali zikwi koma omvera ndi anthu khumi ndi awiri, ndipo mzinda woyamba ndi Johannesburg, foni yanu ndi imeneyo, muizimitse usiku uno. Ngati nyimbo ina ili pa 700 kapena 800 ndi omvera mazana awiri, imeneyo ndiyo mukapite nayo kutchalitchi Lamlungu. Ndipo ngati ilipo imene inadutsa kale 1,000 miyezi itatu yapitayo ndi omvera ambiri, koma iye sanaonebe tambala, apemphe mwini akaunti amuonetse lipoti la distiribyuta pa sikirini, mwezi ndi mwezi, nyimbo ndi nyimbo.